Nkhope yosalala, ndolo imodzi: kodi chithunzi chopeka chimagwidwa bwanji?

Nangozo: Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumakhalira zithunzi. Mu 2022 mayi wina wofufuza pa yunivesite ya Stanford ku America, Renée DiResta, analandira uthenga pa LinkedIn kuchokera kwa munthu wodzitcha Keenan Ramsey, womutsatsa malonda. Atayang'anitsitsa chithunzi cha pa akauntiyo anazindikira kuti mtsikanayo kulibe, nkhopeyo inachita kupekedwa ndi kompyuta. Iye ndi mnzake Josh Goldstein atafufuza anapeza maakaunti otere oposa 1,000. Chithunzicho ine ndachiona, ndipo ndikungoona mtsikana womwetulira bwinobwino. Mayiyu anaonapo chiyani chimene ine sindikuchiona?

Kondwani: Achemwali, nkhani yake ndi zala basi. Zithunzi za kompyuta zimatuluka ndi zala zisanu ndi chimodzi, kapena chala chopindikira kolakwika. Mukangowerenga zala mwathana nazo.

Nangozo: Zala ndizipeza kuti? Chithunzi chake chikulekeza m'mapewa.

Bambo Mbewe: A Kondwani sanalakwe kwenikweni, kungoti za zalazo ndi za mapulogalamu ena amene amajambula thupi lonse, ndipo ngakhale kumeneko vutoli lachepa kwambiri. Nkhope ya Keenan Ramsey ndi ya mtundu wina. DiResta anaonapo zinthu zitatu. Khutu limodzi linali ndi ndolo, linalo linalibe. Timatsitsi tina tinkazimiririka n'kusakanikirana ndi zakumbuyo. Ndipo maso anali pakati penipeni pa chithunzi, pamzere wowongoka bwino.

Ziwiri zoyambazo munthu wa manja abwino akhoza kuzikonza mumphindi zochepa. Chachitatucho ndiye chimandisangalatsa, chifukwa chimachokera m'mene pulogalamuyo inaphunzirira. Pulogalamuyi ndi StyleGAN, imene kampani ya Nvidia inaionetsa koyamba mu Disembala 2018. Anaiphunzitsa ndi zithunzi 70,000 za anthu enieni zochokera pa tsamba la zithunzi la Flickr. Asanaipatse zithunzizo, chilichonse anachidula ndi kuchipendeketsa kuti maso a munthu aliyense akhale pamalo amodzimodzi, m'chithunzi cha mbali zinayi zofanana, timadontho 1024 m'lifupi ndi 1024 m'litali. Ndiye pulogalamuyo inakhwima ikudziwa kuti maso amakhala pamenepo basi. Kaya ikupeka gogo, kaya mwana, kaya munthu wopotolokera kumbali pang'ono, maso amagwera pomwepo.

Mukafuna kudzionera nokha, pali tsamba limene Philip Wang anatsegula mu Febuluwale 2019, thispersondoesnotexist.com, lotulutsa nkhope yatsopano nthawi iliyonse mukalitsegula. Sungani nkhope khumi m'foda imodzi, kenako muzisanjikize kuti zionekere limodzi. Amene muli ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya ImageMagick lembani izi:

```
magick *.jpg -evaluate-sequence mean onse.png
```

Tsitsi, makutu, chibwano ndi zovala zituluka zosokonekera, koma maso awiri atuluka akuthwa ngati a munthu mmodzi. Mukatero ndi zithunzi khumi za anzanu a pa Facebook, ngakhale maso sazindikirika.

Nangozo: Nanga ndoloyo? Chifukwa chiyani makina otha kupanga khungu lokongola chonchi amalephera kanthu kakang'ono ngati ndolo?

Bambo Mbewe: Chifukwa sadziwa kuti ndolo amagula ziwiriziwiri. Chimene anaphunzira n'chakuti pansi pa khutu la mkazi nthawi zina pamakhala kanthu konyezimira. Khutu lamanzere ndi lamanja atalikirana m'chithunzi, ndiye chimene chapekedwa uku sichikakamizidwa kufanana ndi chimene chapekedwa uko. Zomwezo zimachitika ndi miyendo ya magalasi a maso, wina wonenepa wina wowonda, kapena kolala ya malaya yosongoka mbali imodzi, ina yozungulira. Pakati pa nkhope, pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa, makinawa ndi akatswiri, poti nkhope zonse zimafanana pamenepo. Mukamachoka pakati kupita m'mbali luso limachepa. N'chifukwa chake ine nkhope ndimaiyang'ana pomaliza. Ndimayamba ndi makutu, m'mphepete mwa tsitsi, khosi, kenako zakumbuyo. Ngati pambali pakuoneka chidutswa cha munthu wina, chiyang'aneni bwino, kawirikawiri chimakhala chopunduka moti mungachite mantha.

Che Jafali: Aphunzitsi, ndakumvani, koma ine wa mu situdiyo za masozo sizikundikhutitsa. Mundipatse nkhope imeneyo, ndiidula mbali imodzi, ndiipendeketsa pang'ono, maso achoka pakati. Ndolo ndikopera ya khutu linalo. Mundigwira bwanji?

Bambo Mbewe: Pa chithunzi chimodzi chimenecho, che Jafali, mwina sindikugwirani ndi maso okha. Ndikuvomera. Koma taonani amene amachita zimenezi. Safuna nkhope imodzi, amafuna mazanamazana. Mu Disembala 2019 Facebook inatseka maakaunti, masamba ndi magulu oposa 900 a gulu limodzi, ndipo akauniuni a kampani ya Graphika atasanjikiza zithunzi za ena mwa maakauntiwo maso anagwera pamodzi monga ndanenera. Chimene chimawakokera ku nkhope zopeka ndi kutchipa ndi kufulumira. Akati alembe munthu wonga inu kuti azisalaza chimodzichimodzi, phindu lathawa.

Ndipo ngakhale mutasalaza bwanji, pali zimene dzanja lanu silifikako. Nkhope ya StyleGAN imalekeza m'mapewa, mungathe kuidula koma kuitambasula mpaka m'chiuno ndi ntchito inanso. Munthu ameneyu alibe chithunzi cha ali mwana, cha pa ukwati wa mchemwali wake, kapena chimene mnzake anamujambula osakonzekera. Pa nkhani ya Keenan Ramsey, chithunzi chinangodzutsa chikayiko. Chimene chinamaliza nkhani n'chakuti atolankhani a wailesi ya NPR atafunsa ku kampani imene ankati amagwirako ntchito, ndi ku yunivesite ya New York kumene ankati anaphunzira, konseko dzina lake kunalibe.

Che Jafali: Apo ndiye tamvana. Tsono ndikuuzeni za mbali yanga, yolumikiza zithunzi ziwiri, poti iyi ndimaigwira ndi manja. Abale amabwera ndi chithunzi cha malemu atavala malaya wamba, akufuna pa pologalamu ya maliro aoneke atavala suti. Timatenga mutu n'kuuika pa thupi lina. Palibe chinyengo, banja ndi limene lapempha. Koma ndikamaona ntchito ya anzanga ndimadziwa pompopompo, ndipo malo ake ndi omwewomwewo.

Choyamba kuwala. Yang'anani kamthunzi ka pansi pa mphuno ndi ka pansi pa chibwano. Ngati kakugwera kumanzere, kuwala kunachokera kumanja. Kenako yang'anani mithunzi ya kolala ndi makwinya a jekete. Ikagwera mbali ina, mutu ndi thupi anajambulidwa malo osiyana. Mtundu wa khungu ndikhoza kuusintha, kuwalitsa kapena kudetsa, koma kutembenuza kumene dzuwa linali kumafuna kujambulanso nkhope yonse ndi burashi, ndipo ambiri amangosiya.

Chachiwiri ndi chimene anyamata atsopano sachidziwa. Chithunzi chodzijambula ndi foni, dzanja litatambasulidwa, chimakulitsa mphuno ndi chipumi, makutu n'kubisala kumbuyo kwa masaya, chifukwa kamera yayandikira kwambiri. Thupi la suti nthawi zambiri linajambulidwa kamera ili patali mamita atatu kapena anayi. Mukaphatikiza ziwirizi, munthu woona amangomva kuti china chake sichili bwino koma satha kuchitchula. Ndi mtunda wa kamera umenewo.

Chachitatu, kulitsani chithunzi kwambiri muone timchenga timene kamera iliyonse imasiya. Nkhope yojambulidwa madzulo m'nyumba imakhala ndi timchenga tambiri, suti ya mu situdiyo imakhala yosalala. Zili ngati chigamba pa nsalu yakale: mtundu mukhoza kuupeza wofanana, koma ulusi wake umakana. Ndipo m'mphepete mwa tsitsi mumatsalira utoto wa khoma lakale, kamzere kobiriwira kapena koyera kozungulira mutu.

Bambo Mbewe: Zimene mwanenazi ndi zomwe zinaulula vidiyo yopeka ya pulezidenti wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, pa 16 Malichi 2022, ija yomuonetsa ngati akuuza asilikali a ku Ukraine kuti atule zida. Mutu unali waukulu poyerekeza ndi thupi, khungu la kumaso linkasiyana ndi la pakhosi, ndipo thupi linali chilili, mutu wokha ukugwedezeka. Inali ntchito yothamangira, anthu anaigwira tsiku lomwelo.

Anabanda: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye mukuti mwana wanga asiye kugwiritsa ntchito fyuluta ija yosalaza nkhope? Zithunzi zake zonse amazidutsitsa mmenemo, khungu limachita kuoneka ngati la khanda. Ndikuopa angamutsekere akaunti kuti ndi munthu wabodza.

Nangozo: Ayi mayi, sitikunena zimenezo. Tikukamba za nkhope za anthu amene sanabadwe n'komwe.

Bambo Mbewe: Komabe funso la Anabanda latithandiza. Khungu losalala si umboni. Mafoni ambiri masiku ano amasalaza nkhope okha, ndipo akamafifiliza zakumbuyo kuti munthu aonekere bwino amadya timatsitsi ta m'mphepete, nthawi zina ndi ndolo yomwe. Ndiye zizindikiro ziwiri za Keenan Ramsey zija zikhoza kupezeka pa chithunzi cha munthu weniweni. Mwana wanu ali ndi zithunzi zambiri, malo osiyanasiyana, ali ndi anzake odziwika. Palibe angamuyese wopeka.

Mayi a Tadala: Poti mwafika apa, ndithandizeni ine. Mwana wa mchimwene wanga akulemberana ndi mzimayi wina amene akuti amapezera atsikana ntchito za m'mahotela kunja. Akufuna atumize kaye ndalama ya mapepala. Chithunzi chake ndi ichi ndaponya apachi, ndachita kujambula sikirini ya foni ya mwanayo. Ndi munthu kapena ndi zomwe mukukambazi?

Kondwani: Mumuimbire pa vidiyo muone ngati akuphethira. Ma dipifeki, mavidiyo aja ovundikira munthu nkhope ya wina, saphethira, zimenezi zinafufuzidwa.

Bambo Mbewe: Zinafufuzidwadi, a Kondwani, mu 2018, ndi Siwei Lyu ndi anzake. Nthawi imeneyo mapulogalamu ankaphunzira pa zithunzi za anthu otsegula maso okhaokha, poti chithunzi chimene watsinzina palibe amachiika pa intaneti. Zitangofalitsidwa, opanga anawonjezera zithunzi za maso otseka ndipo chizindikirocho chinatha ntchito. Musadalire chimenecho lero.

Mayi a Tadala, ndachikulitsa chithunzi chanu. Chadutsa m'manja ambiri. Nthawi iliyonse chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp chimafinyidwa, ndipo kujambula sikirini kumachotsanso zina. Timabokosi tikuoneka pa tsaya ndi m'mphepete mwa tsitsi tikuchokera ku kufinyako, si umboni wa chinyengo. Maso ali pakati, inde, koma chithunzi cha pa akaunti aliyense amachidula kuti nkhope ikhale pakati. Makutu onse abisika ndi tsitsi. Pa ichi chokha sindinganene.

Che Jafali: Ine ndikuona kanthu. Diso lamanja lili ndi kadontho kowala kamodzi, lamanzere lili ndi tiwiri. Mu situdiyo nyali ikakhala imodzi, maso onse amaonetsa kadontho kamodzi, pamalo ofanana, kooneka mofanana. Windo limaoneka la makona anayi m'maso onse awiri.

Bambo Mbewe: Diso lanu ndi lakuthwa, che Jafali, ndipo njira imeneyi ndi yeniyeni. Lyu yemwe uja, atasamukira ku yunivesite ya Buffalo, anaonetsa kuti m'nkhope za StyleGAN timadontho towala ta m'maso awiri kawirikawiri sitigwirizana. Chifukwa chake ndi chomwe chija cha ndolo: makina sadziwa kuti maso onse akuyang'ana nyali imodzi. Mwana wa diso nayenso amatha kutuluka wosazungulira bwino. Koma njirayi imafuna munthu woyang'ana kamera mwachindunji ndi chithunzi chakuthwa. Munthu akapotoloka pang'ono, mphuno imatha kutchinga kuwala kwina kuti kusafike ku diso limodzi. Pa chithunzi ichi diso lonse ndi laling'ono, lapangidwa ndi timadontho ta chithunzi towerengeka, ndiye kachiwiriko kakhoza kukhala kotsalira ka kufinya.

Che Jafali: Ine ndikukayikabe. Kufinya kumafufuta zinthu, sindinaonepo kukuwonjezera nyali.

Bambo Mbewe: Kumatha kugawa kadontho kamodzi pakati ngati kagwera pamalire a timabokosi. Sindikukutsutsani kuti mwalakwa, ndikuti sitingamange mlandu pamenepo.

Mayi, chitani izi. Chithunzicho achisake pa Google Lens kapena TinEye. Chikapezeka ndi dzina lina, ndiye kuti anaba nkhope ya munthu weniweni, zimene zimachitika kwambiri kuposa kupeka. Chikapanda kupezeka paliponse, sizikutanthauza kuti mzimayiyo ndi woona, chifukwa nkhope yopeka nayonso sipezeka kwina. Kenako amupemphe aimbe pa vidiyo. Ali mkati molankhula amuuze atembenukire kumbali kwenikweni, khutu liyang'ane kamera, kenako adutsitse dzanja pang'onopang'ono pamaso pake. Mapulogalamu ovundikira nkhope amapanga chigawo chochokera pa nsidze kufika pa chibwano n'kuchimata pa mutu wa munthu wina. Amatsatira maso onse awiri, mphuno ndi milomo kuti adziwe pomata. Diso limodzi likabisika kapena zala zikatchinga, nkhope imanjenjemera, imatsetsereka, kapena imakwera pamwamba pa zala. Mapulogalamu atsopano ena ayamba kupirira zimenezi, ndiye akapambana mayesowa musati basi mwatsimikiza.

Mayi a Tadala: Pa vidiyo anakana kale kawiri, akuti netiweki kwawoko ndi yovuta.

Nangozo: Mayi, kaya nkhopeyo ndi yeniyeni kaya ayi, wofuna ndalama patsogolo koma wokana kuonekera, mwanayo asatumize kanthu.

Mayi a Tadala: Ndimuuza usiku uno. Zikomo nonse.

Kondwani: Koma aphunzitsi, mwatiphunzitsa makutu, tsitsi, maso. Ndiye kuti tsopano sitingapusitsidwenso eti?

Bambo Mbewe: Ndikanakonda zikanakhala choncho. Mu 2022 Sophie Nightingale ndi Hany Farid anaonetsa anthu nkhope zenizeni zosakaniza ndi za StyleGAN2. Anthuwo analondola pafupifupi 48 pa 100 zilizonse, kutanthauza kuti kungolota n'chimodzimodzi. Gulu lina analiphunzitsa zizindikiro, n'kumaliuza yankho likatha funso lililonse, ndipo linangofika pa 59. Chopweteka kwambiri, anthu anati nkhope zopekazo zikuoneka zodalirika kuposa zenizeni. Munthu wongoyang'ana pa foni akuyenda sagwira kanthu. Amene amagwira ndi amene waima, wakulitsa chithunzi, wayerekeza mbali ziwiri, wafunsa kumene munthuyo akuti amagwira ntchito.

Nangozo: Ndiye zosalazidwa bwino zimagwidwabe bwanji, ngati maso athu ndi ofooka chonchi?

Bambo Mbewe: Wopanga ayenera kukonza malo onse, ndipo amakonza amene iye akuwaganizira. Nthawi zambiri amatha mphamvu pa nkhope, poti ndi imene anthu amayang'ana. Woona akusowa malo amodzi okha amene anaiwalika, ndipo chithunzi chikatchuka oona amakhala zikwizikwi. Chithunzi cha Papa Francis atavala jekete loyera lofufuma, cha mu Malichi 2023, chinapangidwa ndi Midjourney, ndipo chinapusitsa anthu ambiri. Za maso apakati zija sizigwira ntchito pamenepo, pulogalamuyi ndi ya mtundu wina. Koma atachikulitsa anaona kuti dzanja silikugwira bwino kapu imene ili m'manjamo, unyolo wa mtanda wa pachifuwa ukuonekera mbali imodzi yokha, ndipo chikope chikulowerera m'magalasi.

Kondwani: Ngati chija cha Kate wa ku Britain, mkazi wa Kalonga William, ndi ana ake, nachonso chinali cha kompyuta.

Che Jafali: Ayi achimwene, chija ndi cha ntchito yathu, cha manja. Ana ndi mayi awo ndi enieni. Chinatuluka pa 10 Malichi 2024, ndipo tsiku lomwelo makampani ofalitsa nkhani ndi zithunzi a AP, Reuters, AFP ndi Getty anachichotsa. Pa dzanja lamanzere la mwana wamkazi uja, Charlotte, mkono wa juzi unadukiza, ndipo zipi ya jekete la mayiyo sinali kulumikizana. Mawa lake mwini wake anavomera kuti amakonzakonza zithunzi. Nkhope zonse zinali bwino. Chinawagwetsa ndi mkono wa juzi, malo amene wokonza saganiza kuti wina angayang'aneko.

Bambo Mbewe: Ndipo pali njira ina imene Farid amaigwiritsa ntchito, imene aliyense angaiyese ndi rula. Pa chithunzi chojambulidwa panja pa dzuwa, sankhani malo oonekera bwino pa chinthu, monga nsonga ya phewa, ndi malo omwewo pa mthunzi wake. Lumikizani ndi mzere wowongoka n'kuupitiriza. Chitaninso chimodzimodzi ndi ngodya ya tebulo, nsonga ya mtengo wa magetsi. Ngati kuwala kunali kumodzi, mizere yonse ikakumana pamalo amodzi, kapena iyenda yosapatukana. Mzere wa munthu womatidwa umapita kwawokwawo. Mapulogalamu opeka nawonso amajambula mithunzi yooneka bwino payokhapayokha, koma sawerengera kumene dzuwa lili.

Kondwani: Zala anakonza, kuphethira anakonza. Mithunzi akonzanso chaka chamawa.

Bambo Mbewe: N'kutheka. Ine ndikuona kuti itenga nthawi yotalikirapo, chifukwa opanga amathamangira zimene ogula akudandaula nazo. Chala chachisanu ndi chimodzi aliyense amachiona n'kudandaula. Mthunzi wopatuka pang'ono palibe amauona, ndiye palibe chowakakamiza.

Che Jafali: Rula yanuyo ndi ya panja pokha, aphunzitsi. Mu tenti ya ukwati muli mababu asanu, kuwala kolowera m'mbali, ndi fulashi yanga pamwamba pake. Munthu mmodzi amakhala ndi mithunzi itatu. Mukajambula mizere pamenepo munamizira chithunzi chenicheni.

Bambo Mbewe: Zoona, mu tenti sindingaiyese. Mmenemo ndingabwerere ku zanu zija, timchenga ndi m'mphepete mwa tsitsi, ngati chithunzicho chili chathunthu.

Che Jafali: Ndiye amene mukufuna tikuonereni zithunzi, musamajambule sikirini. Pa WhatsApp dinani pomatira zinthu, musankhe `Document`, mutumize fayilo mmene inatulukira mu kamera. Loweruka ndiponya ziwiri za mu tenti, chimodzi cholumikiza, chinacho chosakhudza. A Kondwani, muyambe ndinu kuyesa.